Chisoni chobwera ndi zithunzi za anzathu

Lero ndifuna tikambirane za chisoni china chimene chafala pakati pathu koma sitinachipezere dzina. Munthu sanaferedwe, sanadwale, ndipo mbewu zake sizinapse ndi dzuwa. Wangotenga foni madzulo atatha kudya, wayang'ana zithunzi za anzake kwa theka la ola, ndipo poiika pansi wapeza kuti nyumba yake yachepa, ntchito yake yanyozeka, ngakhale nsima imene wadya ija yasanduka umboni womutsutsa. M'maulendo anga oyendera mabanja m'milaga ndachipeza chisoni chimenechi mwa anyamata a kabaza pa Mponela, mwa amayi apabanja, mwa aphunzitsi, ndiponso mwa ife opuma pa ntchito ya boma, amene timaona ana a anzathu atavala mikanjo ya maphunziro ku Ulaya pamene athu akufunabe ganyu.

Mfundo yanga ndi imodzi. Chisoni chimenechi chimabadwa pa sikelo yopendekeka. Mbali imodzi timaikapo moyo wathu wonse, ndi ngongole zake ndi mikangano yake, pamene mbali inayo timaikapo masiku osankhidwa a anthu mazanamazana ngati kuti ndi moyo wa munthu mmodzi. Aliyense amene anagulitsapo soya kwa mavenda amadziwa kuti sikelo ikapendekeka, kulimbikira kwa mlimi sikuoneka. Tiyeni tiione bwino sikelo imeneyi.

Kudziyerekeza ndi ena sikunabwere ndi foni. M'chaka cha 1954 katswiri wina wa za maganizo a anthu ku America, Leon Festinger, analemba kuti munthu akasowa muyeso wodziwira ngati zinthu zikumuyendera, amadziyeza ndi anthu ena, makamaka amene akufanana naye. Nzeru imeneyi ikutithandiza kumvetsa chinthu chodabwitsa. Mlimi wa ku Malomo saumva kuwawa mtima poona chithunzi cha wosewera mpira wa ku Mangalande ali m'ndege yakeyake, pakuti ameneyo ali ngati nthano. Chimene chimamulasa ndi chithunzi cha mnzake amene ankakhala naye pa desiki imodzi mu Sitandade 8, amene ankamuposa masamu, tsopano ataima pambali pa galimoto. Pamenepo mtima umafunsa kuti, tinayambira limodzi, nanga ine ndinasochera pati?

Kale kumudzi tinkadziyerekeza ndithu, koma sikelo yake inali ndi chilungamo. Ukaona nkhokwe ya mnansi wako yadzaza, unkadziwanso kuti analima kuyambira Okutobala, kuti mkazi wake anagona m'chipatala mwezi wathunthu, ndiponso kuti ng'ombe zake ziwiri zinafa ndi matenda. Unkaona munthu yense. Ngakhale zithunzi zonyenga maso zinalipo. Ndili mwana, abambo ambiri a m'dera lathu ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka pamene boma linaimitsa maulendowo mu 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70. Abambo amenewo ankatumiza kumudzi chithunzi chojambulidwa m'situdiyo, atavala suti ndi chipewa, dzanja lili pa wailesi. Koma chithunzicho chinali chimodzi pa chaka, ndipo patapita nthawi mwini wake ankabwera. Tinkaona njinga ndi mabulangete, komanso tinkamva chifuwa chake usiku, n'kuona chala chimene chinatsala pansi pa mgodi. Choonadi chinkafika pamudzi ndi miyendo yake. Lero chithunzi chimafika tsiku lililonse, koma mwini wake sabwera.

Tsopano tiwerengere pamodzi, pakuti zaka zanga za mu ofesi zinandiphunzitsa kuti nkhani yosokoneza imayera ukaiika pa pepala. Tiyerekeze kuti muli ndi abwenzi 600 pa Facebook, chiwerengero chimene achinyamata athu ambiri amachipitirira. Tinene kuti aliyense wa iwo, ngakhale wosauka, ali ndi masiku 3 okha pa chaka oyenera kujambula: ukwati wa mlongo wake, tsiku limene anafolera malata, ndi tsiku limene anavala zatsopano pa Khirisimasi. Mukachulukitsa 600 ndi 3 mupeza zikondwerero 1,800 pa chaka. Mukazigawa ndi masiku 365 mupeza pafupifupi 5 pa tsiku. Ndiye kuti inu, amene mulinso ndi masiku 3 okha otere pa chaka, mumaona zikondwerero 5 tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mwagona ndi njala. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu 600 aja amene akusangalala tsiku ndi tsiku. Koma mtima sudziwa kugawa. Umatenga ukwati wa uyu, galimoto ya uyo, digiri ya winayo ndi mwana wa wachinayi, n'kuumba munthu mmodzi wotchedwa "anzanga onse", amene sanabadwepo, kenaka n'kukuimikani pambali pake.

Chachiwiri n'chakuti zimene timaika pa masamba amchezo n'zosankhidwa, ndipo kusankhako kuli ndi lamulo lake. Ena amati anthu amaika zabwino zokhazokha, koma si zoona kwenikweni, chifukwa mauthenga a maliro timawaona ambiri. Maliro alibe manyazi. Zimene sitiika ndi zochititsa manyazi: ngongole ya katapila, ndalama za banki m'khonde zimene zalephera kubwezedwa, mabelo a fodya amene abwezedwa ku okushoni ya ku Kanengo, banja limene likugona m'zipinda ziwiri. Taonani mayeso a Fomu 4. M'zaka za 2023 ndi 2024 amene anakhoza mayesowa anangopitirira theka pang'ono. Pafupifupi mwana mmodzi mwa awiri aliwonse sanakhoze. Koma tsiku limene zotsatira zatuluka, tsegulani foni muone. Mupeza mapointi okoma ndi mayamiko okhaokha, ngati kuti dziko lonse lakhoza. Mayi amene mwana wake walephera amadziona ali yekha m'Malawi monse, chonsecho anzake a m'chisoni chomwecho ndi zikwizikwi, angoti chete aliyense m'nyumba mwake.

Ife amene tinagwira ntchito ya boma timaudziwa bwino mkhalidwe umenewu. Kukamabwera mlendo wamkulu, msewu unkasesedwa, miyala ya m'mbali mwake inkapakidwa laimu, ndipo mlendoyo ankamuonetsa munda umene unachita bwino koposa. Panalibe bodza lenileni, pakuti mundawo unalipodi. Koma amene akanayesa boma lonse ndi munda umenewo akanalakwitsa kwambiri. Pa masamba amchezo tsiku lililonse ndi tsiku la mlendo wamkulu.

Chachitatu, pali dzanja lina limene limasankhanso pamwamba pa kusankha kwathu. Facebook sionetsa zolemba za abwenzi anu motsata nthawi imene zalembedwa. Makina ake amaika patsogolo zimene akuganiza kuti muima n'kuziyang'ana, ndipo zimene anthu ambiri aziyamikira kale zimakankhidwira pamwamba. Chithunzi cha ukwati chimene chalandira mayamiko 300 chidzakupezani, pamene mawu a mnzanu wofunsa mtengo wa feteleza adzamira. Komanso mukaima nthawi yaitali pa chithunzi chimene chakuwawitsani mtima, makinawo sadziwa kuti mukumva kuwawa. Amangoona kuti mwaima, ndipo mawa adzakubweretserani china chofanana nacho.

Kuti zimenezi zisakhale nkhani ya m'malere, ndikufotokozereni za mnyamata wina wa kuno ku Ntchisi, amene wandilola kunena nkhani yake popanda dzina. Ali ndi zaka za m'ma 30, ali ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo amalima maekala 2 a soya ndi ekala imodzi ndi theka ya chimanga. Mu Febuluwale wa 2024 mkazi wake anabwera kudzadandaula kuti bambo a kunyumba asintha. Sakupita kumunda m'mamawa monga kale, akukalipira ana pa zinthu zazing'ono, ndipo ayamba kunena zogulitsa ng'ombe ziwiri za ngolo kuti apeze ya basi ya ku Joni. Nthawi yake inali yoipa. Ndalama ya kwacha inali itagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala wa 2023, mitengo ya zinthu inali itakwera, ndipo Febuluwale ndiye mwezi umene nkhokwe zimalira. Chisoni chimenechi chili ndi nyengo zake. Chimakula mu Disembala, pamene a ku Joni amabwera ndi katundu pamwamba pa magalimoto, ndipo chimafika pachimake m'miyezi ya njala, pamene mlimi alibe chogulitsa koma foni ikumuonetsabe anthu akudya nyama.

Nditakhala naye pansi pa mtengo wa mango, ndinamufunsa kuti, "Mwana wanga, kodi ndi anthu angati amene zithunzi zawo zimakusowetsa tulo?" Poyamba anati, "Abambo, ndi onse. Anzanga onse anapita patsogolo." Ndinamupempha kuti awatchule mmodzimmodzi, ine ndikulemba. Anatchula atatu, ndipo pa atatuwo mmodzi yekha ndiye anali mwini chilonda: mnzake wa ku sekondale amene ali ku Cape Town, amene pafupifupi Lamlungu lililonse amaika chithunzi ali m'mbali mwa nyanja, kapena atatsamira galimoto yoyera pa nyumba ya mpanda. Tinapitanso pa mayina a amene anamaliza nawo Fomu 4, onse amene akanawakumbukira. Anakumbukira 31. Ambiri mwa iwo akulima monga iye, ena ali pa kabaza, awiri ndi aphunzitsi, atatu anamwalira. Mawu oti "onse" anatsika kuchoka pa khamu losawerengeka kufika pa munthu mmodzi.

Kenaka ndinamufunsa kuti analankhula liti ndi mnzakeyo pakamwa. Panali patapita zaka 4. Ankaona nkhope yake sabata iliyonse, koma mawu ake anali asanawamve. Ndinamulangiza kuti amuimbire, osati kukamufufuza, koma kukamufunsa monga munthu amene akuganiza zopita komweko: ntchito yake ndi yotani, amalandira zingati, zimatsala zingati. Patapita sabata anabwera ndi mayankho. Mnzakeyo amasamala maluwa ndi kutsuka magalimoto pa nyumba za anthu atatu, ndipo galimoto yoyera ija ndi ya mmodzi wa mabwana ake. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo ku South Africa anakwera kufika pa marandi 27.58 pa ola mu Malichi wa 2024, ndiye munthu wogwira maola 45 pa sabata amapeza pafupifupi marandi 5,400 pa mwezi. Mnzakeyo sapeza maola onsewo, ndipo mwezi wabwino amafika pa 4,500. Chipinda cha malata amalipira 1,400, ulendo wopita kuntchito umadya pafupifupi 900, chakudya ndi magetsi 1,400, ndipo zotsalazo, pafupifupi 800, ndizo amatumiza kwa mayi ake. Masiku 30 amene anamudindira polowa m'dzikomo anatha kalekale, choncho akaona galimoto ya apolisi amakhota njira, poopa kukatsekeredwa ku Lindela ndi kubwezedwa. Mwana wake wamkazi, amene anamusiya akukwawa, amamudziwa pa foni pokha.

Mawu amene anamugwedeza mnyamata wathu anali akumapeto. Mnzakeyo anati, "Achimwene, chithunzi chanu chija munaika mu Meyi, muli pa ngolo ndi matumba a soya, ana anu atakwera pamwamba, ndinachiyang'ana usiku wonse." Matumbawo anali 18 okha. Mwini wake anali atachiiwala chithunzicho. Anthu awiri, mmodzi kumapiri a Ntchisi, wina kumapeto kwa Afirika, aliyense akudwala ndi chithunzi cha mnzake.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma pano ndikuchenjezeni, pakuti mwambi umenewu ukhoza kusanduka mankhwala oipa. Ena akamva nkhani yotere amadzitonthoza ponena kuti onse oika zithunzi ndi onama, ali pa ngongole, mabanja awo akuyaka moto. Chitonthozo chotere n'chosakhalitsa ndiponso chimaipitsa mtima, chifukwa chimafuna kuti mnzako avutike kuti iwe upeze tulo. Komanso si choona. Mnyamata wa ku Cape Town uja anafoleradi nyumba ya mayi ake ndi malata, chinthu chimene wa kunoyu sanachikwanitse. Alipo anzathu amene zinthu zikuwayenderadi, ndipo zithunzi zawo zikunena zoona. Cholinga cha kuimba foni sichinali kupeza nyerere mu mkuyu wa mwini, koma kuona munthu yense, zopeza zake pamodzi ndi mtengo umene akulipira, kuti sikelo iime mowongoka. Itaima mowongoka, mnyamata wathu anaona kuti chimene ankachilirira kwenikweni si nyanja kapena galimoto, koma denga la malata. Limenelo ndi khumbo loona, ndipo lili ndi mtengo wowerengeka. Ng'ombe sanagulitse. Anagwirizana ndi mkazi wake kuti chaka chilichonse azipatula matumba 4 a soya ogulira malata. Nyumbayo sinafoleredwe yonse mpaka lero, ndipo masiku ena mtima umamuwawabe. Koma tsopano akudziwa chimene chikumuwawa.

Ofufuza a kunja apeza zogwirizana ndi zimenezi. Mu 2012 Chou ndi Edge anafunsa ophunzira 425 pa yunivesite ina ya ku Utah ku America. Anapeza kuti amene anakhalitsa pa Facebook ankakhulupirira kwambiri kuti anthu ena ndi osangalala kuwaposa, ndipo amene anali ndi "abwenzi" ambiri osawadziwa pamaso ankakhulupirira kwambiri kuti ena ali ndi moyo wabwino kuwaposa. Koma amene ankacheza kwambiri ndi anzawo pamaso sankaganiza motero kwenikweni. Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Pennsylvania anatenga ophunzira 143, ndipo ena mwa iwo anawauza kuti kwa masabata 3 asapitirire mphindi 10 pa tsiku pa tsamba lililonse mwa masamba atatu, Facebook, Instagram ndi Snapchat. Amenewa kusungulumwa ndi kuvutika maganizo kwawo kunachepa poyerekeza ndi anzawo, makamaka amene anayamba ali ovutika kale. Tisakokomeze zotsatirazi. Awa anali ana asukulu a ku America, ndipo foni si gwero la chisoni chonse cha munthu. Nthawi zina njira imayenda chobwerera: munthu amene wavutika kale mumtima ndiye amakhalitsa pa foni, ndipo zithunzizo zimangothira mchere pa bala limene linalipo.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti zithunzi zikumudwalitsa? Chizindikiro choyamba ndi kusiyana kwa mtima musanatsegule foni ndi mutaitseka. Yesani kwa masiku 7. Musanatsegule, dzipatseni malikisi kuyambira 1 mpaka 5 a mmene mtima wanu ulili, ndipo mukatseka dzipatseninso, n'kulemba dzina la munthu amene chithunzi chake chakukhalani m'maganizo. Pakutha pa sabata mudzapeza, monga mnyamata uja, kuti mayina ake ndi awiri kapena atatu obwerezabwereza. Chizindikiro chachiwiri ndi kuyang'ana mwakachetechete: mumalowa pa tsamba la munthu, n'kubwerera mmbuyo zaka ndi zaka za zithunzi zake, osalemba kanthu, osamupatsa moni. Chachitatu ndi mawu oti "onse" ndi "ine ndekha" akayamba kuchuluka m'kamwa mwanu. Chachinayi, chimene chili choopsa, ndi pamene chisoni chayamba kulamula thumba: kukongola ndalama kuti chinkhoswe cha mwana wanu chifanane ndi chimene munachiona pa foni, kapena kugulitsa munda chifukwa cha chithunzi.

Mukazipeza zizindikirozi, pali zochita zooneka ndi maso. Kwa anthu awiri kapena atatu aja, sankhani chimodzi mwa ziwiri. Ngati ndi munthu amene mumamudziwa, muimbireni kapena kamuoneni, pakuti munthu womumva mawu savuta kumukondwerera ngati munthu wa pa chithunzi. Ngati simungathe, pumulani kuona zake. Pa Facebook, dinani timadontho titatu tili pamwamba pa zimene walemba, ndipo musankhe `Snooze`, kuti zake zisaoneke kwa masiku 30, kapena `Unfollow`, kuti zisaonekenso ngakhale ubwenzi wanu ukhalabe. Pa WhatsApp, dinani ndi kugwiritsa pa `Status` yake, n'kusankha `Mute` kapena `Hide`, malinga ndi mmene foni yanu yalembera. Mwini wake salandira uthenga uliwonse, ndipo kuchita zimenezi si chidani. Munthu wa chilonda kuphazi savala nsapato yothina mpaka chipole.

Samalaninso nthawi. Maola oipitsitsa ndi a usiku pa mphasa, pamene thupi latopa ndipo palibe wina wokutsutsani maganizo, komanso m'mamawa musanagwire ntchito iliyonse, pamene tsiku lanu lilibe kanthu koti muike pa sikelo. Foni igone pamene mumaitchajira, osati pamtsamiro. Ndipo muyeso wa moyo wanu muutenge pa kope lanulanu: matumba a chaka chino poyerekeza ndi a chaka chatha, ngongole imene yatsika, mwana amene wayamba kuwerenga. Muyeso umenewu ukhoza kukuuzani kuti mwabwerera mmbuyo, ndipo nthawi zina zimakhaladi choncho, koma udzakuuzani ndi matumba angati, ndipo chinthu chowerengeka chimatheka kuchikonza.

Pali malire amene uphungu wa mkulu wa mpingo suyenera kuwadumpha. Ngati chisoni chakhala masabata 2 kapena kuposerapo pafupifupi tsiku lililonse, ngakhale foni ili kutali, ngati tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, ngati zimene munkazikonda sizikukomanso, ndipo makamaka ngati mwayamba kuganiza kuti kuli bwino kufa, amenewo ndi matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika. Pitani kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi mukafotokoze momveka, kapena ku Saint John of God ku Lilongwe, kumene amathandiza anthu a mavuto otere. Abambo anzanga, ndikunena ndi inu makamaka, pakuti malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo kawirikawiri nkhani yake imakhala ngongole ndi mavuto a m'banja. Mukaona mbale wanu wafika pamenepo, musamusiye yekha ndipo mupite naye.

Ndatsala ndi mawu kwa ife amene timaika zithunzi, makamaka ife a mu mpingo, pakuti tili ndi chizolowezi chimene chimawonjezera kulemera kwa katunduyu. Tikagula galimoto timalemba pansi pake kuti ndi chisomo, Mulungu wayankha. Kuyamika n'koyenera. Koma taganizirani mayi amene wapemphera zaka 10 kuti apeze mwana, kapena mnyamata amene walemba makalata 40 ofunsira ntchito. Iye powerenga amamva zinthu ziwiri: kuti watsalira, ndiponso kuti Mulungu wamulambalala. Chisoni cha umphawi chasanduka chisoni cha kukanidwa. Funso limeneli ndi lakale. Salimo 73 ndi umboni wa Asafu, mtsogoleri wa oimba, amene anatsala pang'ono kugwa poona mtendere wa anthu ena, chifukwa ankawaonera patali, ndipo anatsitsimuka pamene anaona nkhani yawo yonse. Buku la Yobu nalonso linalembedwa kutsutsa maganizo oti chuma ndi risiti ya chilungamo cha munthu.

Choncho sindikuti tileke kuika zithunzi za maukwati ndi za ana athu. Ndikupempha kuti umboni wathu uzikhala wathunthu. Mukaika nyumba, nenaninso kuti inatenga zaka 9, kuti inaima pa mawindo zaka zitatu, ndiponso kuti mlamu wanu anakuthandizani simenti. Mukaika mwana wovala mkanjo, nenani kuti analemba mayeso kawiri, ngati iye walola. Umboni wotere suchepetsa chiyamiko, koma umapatsa woona njira yoti adutsemo m'malo mwa khoma loti aliyang'ane. Ndipo tsiku limene zotsatira za mayeso zatuluka, musanaike mapointi a mwana wanu, kumbukirani khomo loyandikana nalo limene lili chete, mupite mukagogode.

Sabata ino ndikupempheni chinthu chimodzi. Lembani dzina la munthu amene zithunzi zake zimakulemetsani mtima, ndipo mumuimbire foni Lamlungu lisanafike. Mufunseni za moyo wake, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Amene mwayesa, mudzandiuze tikakumana pa mlaga. Mtendere ukhale nanu nonse, m'nyumba za malata ndi za udzu momwe.